Mzere Ukakana Kuimbika: Kupeza Pamene Mawu Akulimbana ndi Chuni

Pa pulakatisi ya kwaya iliyonse pamakhala mzere umodzi umene umavuta. Vesi yoyamba imayenda bwinobwino, kolasi imakoma, koma ikafika vesi yachiwiri oimba amayamba kusiyana. Ena amathamanga, ena amameza mawu, ndipo kwayamasitala amaimitsa nyimbo n'kunena kuti, "Amayi a soprano, tabwerezani pamenepo, sipakumveka." Amabwereza kanayi, kasanu, koma sipasintha. M'situdiyo zimachitikanso chimodzimodzi. Wojambula nyimbo amauza woimba kuti, "Achimwene, mawuwa sakukhala pa biti," woimba n'kuwerenga maphatikizo ndi zala, n'kupeza kuti ndi ofanana ndendende ndi a vesi yoyamba.

Nthawi zambiri vuto silikhala la oimba ayi. Limakhala mu mzere momwemo. Khutu limamva kuti penapake palakwika, koma silitha kuloza phatikizo lenileni limene lalakwa. Ntchito yoloza imeneyi ndi imene mayina atatu akale, ayambu, tiroki ndi dakitilo, amagwira.

Mayinawa anachokera kwa Agiriki. Alakatuli awo ankagawa mzere wa ndakatulo m'timagulu ta maphatikizo awiri kapena atatu, ndipo kagulu kalikonse ankakatcha phazi. Kwa iwo chimene chinkasiyanitsa maphatikizo chinali kutalika: lina lalitali, lina lalifupi. Angerezi atatengera mayinawa anawagwiritsa ntchito pa chinthu china chimene chili m'chinenero chawo, ndiko kulemera kwa phatikizo, kutanthauza kuti lina limatchulidwa mwamphamvu, lina mopepuka. Munkhani ino phatikizo lolemera lilembedwa ndi malembo aakulu.

Ayambu ndi phazi loyamba mopepuka n'kutsiriza molemera: ti-TA. Tiroki imatembenuza zimenezi: TA-ti. Dakitilo ili ndi maphatikizo atatu, lolemera patsogolo ndi opepuka awiri pambuyo: TA-ti-ti. M'Chigiriki dzina la dakitilo limatanthauza chala, ndipo aliyense akayang'ana chala chake cholozera aona chifukwa chake, popeza kachigawo koyandikana ndi chikhatho n'kakatali, tiwiri totsatira n'tatifupi. Mayina a anthu monga mmene Angerezi eni ake amawatchulira amathandiza kuzimva: Denise ndi ayambu, Peter ndi tiroki, Jennifer ndi dakitilo.

Ndakatulo zazitali za Homer zinalembedwa m'mizere ya mapazi asanu ndi limodzi a mtundu wa dakitilo. Masewero a Shakespeare ambiri amayenda pa ayambu zisanu mu mzere. Ndakatulo ya Longfellow yotchedwa The Song of Hiawatha, ya mu 1855, imagunda tiroki zinayi mzere uliwonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma wopeka nyimbo sasowa kuwerenga zonsezi kuti mapazi amuthandize. Chimene iye akufuna n'chosavuta. Chuni ili ndi malo ake olemera, amene ndi pamene munthu amawomba m'manja kapena kuponda phazi pansi. Mawu nawonso ali ndi malo awo olemera, amene amamveka munthu akamangoyankhula. Malo awiriwa akakumana, mzere umaimbika. Akasemphana, umakana.

Funso loyamba kwa woimba m'Chichewa ndi lakuti: kodi mawu athu ali ndi malo olemera? Chichewa sichigunda phatikizo mwamphamvu ngati Chingerezi, koma chili ndi chizolowezi chake chimene aliyense amachidziwa ndi khutu ngakhale sanachiphunzire. Phatikizo lotsatizana ndi lomaliza limakokedwa pang'ono. Timati chi-KO-ndi, ma-LA-wi, a-GO-go, ndi-ku-bwe-RA-nso. Akatswiri a chinenero analemba zambiri pa nkhaniyi, monga Jonni Kanerva mu 1990, komanso Laura Downing ndi Al Mtenje m'buku lawo la mu 2017 lofotokoza kamvekedwe ka Chichewa. Iwo amasonyeza kuti kukokaku kumamveka kwambiri pa liwu limene lili kumapeto kwa kagulu ka mawu, pamene munthu angapume, ndipo pakati pa chiganizo kumachepa. Kwa wopeka nyimbo zimenezi zikutanthauza kuti cholakwa cha kumapeto kwa mzere chimapweteka khutu kuposa cha pakati. Komabe poimba, pamene liwu lililonse limatambasulidwa, ngakhale cha pakati chimaonekera.

Kuchokera pamenepa zinthu zimayamba kuwala. Liwu lililonse la maphatikizo awiri m'Chichewa ndi tiroki yokwanira: MA-yi, MVU-la, NYU-mba, DZU-wa. Liwu la maphatikizo anayi limagawika mosavuta kukhala tiroki ziwiri, monga TA-o-NA-ni, ngakhale kuti kulemera kwenikweni kuli pa NA. Mavuto amabwera ndi mawu a maphatikizo atatu kapena asanu.

Tiyerekeze kuti wopeka nyimbo ali ndi chuni ya maphatikizo asanu ndi atatu, yogunda pa loyamba, lachitatu, lachisanu ndi lachisanu ndi chiwiri. Imeneyi ndi chuni ya tiroki zinayi. Nyimbo yake ndi ya ulimi, ndipo vesi yoyamba ikuyamba motere:

Mvula yagwa, tenga khasu

Akauyankhula mzerewu akumva MVU-la YA-gwa TE-nga KHA-su. Akauimba akumvanso chimodzimodzi. Palibe chovuta. Pa vesi yachiwiri walemba kuti:

Chimanga chacha kumunda

Maphatikizo ndi asanu ndi atatu, ofanana ndi oyamba aja. Chichewa chake n'chabwino, tanthauzo n'lomveka. Koma pakamwa pakukana.

Njira yofufuzira ili ndi mbali ziwiri, ndipo chofunika kwambiri ndi kusazisakaniza. Choyamba, chuni iiwalike kaye. Mzere uyankhulidwe monga mmene munthu angauzire mnzake panjira, kenako malo olemera alembedwe: chi-MA-nga CHA-cha ku-MU-nda. Kulemera kuli pa phatikizo lachiwiri, lachinayi ndi lachisanu ndi chiwiri. Chachiwiri, mzere womwewo uimbidwe kwinaku munthu akugogoda tebulo, n'kulemba maphatikizo amene akugwera pa kugogodako: CHI-ma NGA-cha CHA-ku MU-nda. Mizere iwiriyi ikaikidwa umodzi pansi pa unzake, nkhani yonse ili poyera. Malo ogwirizana ndi amodzi okha, pa MU. Theka loyamba la mzere likuyenda ngati ayambu, chi-MA nga-CHA, pamene chuni ikufuna tiroki. Womvera amene sakuona pepala akumva zinthu zonga "ngacha" ndi "chaku", mawu amene kulibe m'Chichewa, ndipo amataya kamphindi kuti alumikizenso zimene zaduka.

Ambiri amalephera pa mbali yoyamba ija. Munthu akaimba chuni yake kwa sabata, sangathenso kuyankhula mzere popanda chuniyo kulowerera, ndipo amayamba kukhulupirira kuti CHI-ma-nga ndi mmene liwulo limatchulidwira. Mankhwala ake ndi kupereka pepala kwa munthu amene sanaimvepo nyimboyo kuti awerenge mokweza, mwini nyimbo n'kumalemba zimene akumva.

Tsopano kukonza. Ganizo loyamba limene limabwera ndi kusinthanitsa mawu:

Chacha chimanga kumunda

Zasintha ndithu. Poyankhula tikumva CHA-cha chi-MA-nga ku-MU-nda, ndipo malo ogwirizana ndi chuni tsopano ndi awiri, poyamba ndi kumapeto. Koma mzerewu ukamvetseredwa bwino ukugunda patatupatatu: CHA-cha-chi MA-nga-ku MU-nda. Zimenezi ndi dakitilo ziwiri ndi tiroki imodzi. Ndi mzere wokoma, wovinika, koma ndi wa nyimbo ina. Pa chuni ya tiroki, liwu loti chimanga likugundidwabe pa chi ndi pa nga, pamene MA wake akudutsa mwakachetechete. Apa ndi pamene mayina a mapazi amaonetsa phindu lake. Wopanda mayinawa anganene kuti "zakhalako bwino koma sizinafike." Wodziwa mayinawa amanena kuti mzere wachoka ku ayambu wapita ku dakitilo, ndipo tiroki sinapezekebe.

Pali kalamulo kamene kamatuluka pamenepa, ndipo n'kothandiza kwa aliyense wolemba m'Chichewa. Popeza kulemera kumakhala pa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, pa chuni ya tiroki liwu lililonse liyenera kuthera pa malo achiwiri, achinayi, achisanu ndi chimodzi kapena achisanu ndi chitatu. Liwu la maphatikizo atatu likayamba mzere limathera pa malo achitatu, ndipo limakankha lotsatira kuti nalonso lisemphane. Kuti chimanga chikhale bwino chiyenera kuyamba pa malo achiwiri, kutanthauza kuti patsogolo pake pakhale kaliwu ka phatikizo limodzi:

Ndi chimanga chokhachokha

NDI-chi MA-nga CHO-kha CHO-kha. Mapazi onse anayi ndi tiroki. Mtengo wake ndi wakuti kugunda koyamba, kumene ndi kwamphamvu kuposa konse, kwagwera pa kaliwu kakang'ono ndi, ndipo mawu oti chacha atayika. Ngati wopeka akufuna kusunga kucha kwa chimangacho, njira ina ndi kukhudza chuni pang'ono. Awonjezere kanoti kakafupi kugunda koyamba kusanafike, kamene oimba amalowera nako mzere:

Chimanga chacha chaka chino

Phatikizo la chi likukwera pa kanoti kolowerako, ndipo otsalawo akugwera m'malo mwake: MA-nga CHA-cha CHA-ka CHI-no. Mzerewu uli ndi maphatikizo asanu ndi anayi, kuposa wa vesi yoyamba ndi limodzi, komabe ndi umenewu umene ukuimbika. Uja wa maphatikizo ofanana ndendende ndiwo unkakana. Kuwerenga maphatikizo ndi zala kumanamiza chifukwa kumauza munthu kuchuluka kwake kokha, osati kulemera kwake.

Kanoti kolowera kameneka n'kamene kamapulumutsanso mawu oyamba ndi m wodziimira yekha, monga mtima, mtengo ndi mlendo. Poyankhula mosamala mawuwa ali ndi maphatikizo atatu, m-TI-ma. Poimba, m amatha kukhala pa kanoti kake kumayambiriro kwa mzere, kapena kumamatira ku phatikizo la liwu lapitalo ngati ali pakati. Wolemba ayenera kusankha chimodzi n'kuuza oimba, apo ayi theka la kwaya liwerenga awiri, theka lina atatu.

Nkhani ya ayambu ndi yozama kwambiri, ndipo ili ndi mbiri yake kuno kwathu. Amishoni a ku Scotland atakhazikitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed atayamba ntchito ku Mvera mu 1889, anabwera ndi machuni a kwawo n'kumasulira mawu ake. Nyimbo zambiri za mapemphero za Chingerezi zimalembedwa pa muyeso umene mabuku awo amaulemba ndi malembo C.M., kapena manambala 8.6.8.6: mzere wa maphatikizo asanu ndi atatu, wotsatira wa asanu ndi limodzi, kenako kubwereza. Mapazi ake onse ndi ayambu. Nyimbo ya John Newton yotchedwa Amazing Grace, imene inasindikizidwa mu 1779 m'buku la Olney Hymns, ili pa muyeso umenewu. Mzere wa ayambu umathera pa phatikizo lolemera, ndipo chuni imaika noti yaitali pamenepo. M'Chingerezi palibe vuto, chifukwa chili ndi mawu ambirimbiri a phatikizo limodzi olemera okha. M'Chichewa pafupifupi liwu lililonse limathera mopepuka.

Ndi masamu chabe. Pa chuni ya ayambu, liwu la Chichewa limakhala bwino likathera pa malo achitatu, achisanu kapena achisanu ndi chiwiri. Koma mzere umathera pa malo achisanu ndi chitatu. Choncho liwu lomaliza limasemphana nthawi zonse, ngakhale womasulira akhale waluso chotani. N'chifukwa chake m'tchalitchi timamva mawu akukokedwa kumchira, monga chiko-NDIII kapena mte-nde-REEE, mosiyana ndi mmene aliyense amayankhulira panja. Mibadwo yaimba chonchi mpaka khutu lazolowera, ndipo kwa ambiri kukoka kumeneku ndi mbali ya ulemu wa nyimbo ya m'buku. Palibe chifukwa chozinyozera. Koma wopeka nyimbo yatsopano ayenera kudziwa kuti akatengera kayendedwe kameneka, nyimbo yake imveka ngati yomasuliridwa ngakhale waipeka yekha. Kumpoto, Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu a kwa Angoni kupeka nyimbo pa machuni a kwawo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anapeka nyimbo zimene mawu ndi chuni zinabadwira pamodzi.

Tione mzere wa ayambu wogwa m'mbuna imeneyi:

Usiku wonse ndalira

Poyankhula: u-SI-ku WO-nse nda-LI-ra. Pa chuni: u-SI ku-WO nse-NDA li-RA. Mapazi awiri oyamba ali bwino kwambiri, chifukwa usiku ndi liwu la maphatikizo atatu, ndipo mawu otere, amene amasokoneza tiroki, ndi amene amatsegula bwino mzere wa ayambu. Cholakwa chili pa liwu limodzi lokha, lomaliza, ndipo ndi liwu limene lanyamula chisoni chonse cha mzerewu. Phatikizo la LI likudutsa mothamanga, ra n'kukhala pa noti yaitali.

Njira imodzi ndi kuwonjezera phatikizo limodzi ndi kugawa noti yomaliza pawiri:

Usiku wonse ndangolira

Tsopano tili ndi u-SI ku-WO nse-NDA ngo-LI, ndipo ra akutsalira pambuyo mopepuka. Kugunda komaliza kwagwera pamene Mchewa amakokera poyankhula. Kaphatikizo ka ngo kawonjezeranso tanthauzo, popeza kakusonyeza kuti palibe china chimene munthuyo anachita usikuwo. Njira yachiwiri ndi yokoma kuposa, ndipo opeka nyimbo saigwiritsa ntchito mokwanira. Chichewa chili ndi gulu limodzi la mawu a phatikizo limodzi amene amalemera okha ndipo amakokeka mwachibadwa, ndiwo mivekero: zii, phee, bii, mbee, mbwee. Mzere wothera pa mvekero ndi ayambu yeniyeni popanda kukakamiza kalikonse:

Usiku wonse kuli zii
Misozi ili mbwee

Woyamba ukugunda u-SI ku-WO nse-KU li-ZII, wachiwiri mi-SO zi-I li-MBWEE. Maphatikizo asanu ndi atatu, kenako asanu ndi limodzi, muyeso womwe uja wa m'buku, koma palibe liwu limene lapotozedwa. Sizingatheke kutsiriza mzere uliwonse ndi mvekero, nyimbo ingasanduke sewero, koma pa malo amodzi kapena awiri amene noti ndi yaitali kwambiri, mvekero umagwira ntchito imene liwu wamba silingathe.

Munthu asaganize kuti phazi ndi chimodzimodzi ndi kawerengedwe ka nyimbo. Chuni imene anthu amaimbira Amazing Grace imawerengedwa patatu, koma mawu ake ndi ayambu, chifukwa phatikizo lopepuka limatenga kugunda kumodzi ndipo lolemera limatenga kuwiri. Chofunika kuona si nambala yolembedwa kumayambiriro kwa nyimbo, koma phatikizo limene likugwera pamene dzanja likutsika.

Dakitilo imavumbula matenda a mtundu wina. Mawu a Chichewa paokha sakhala dakitilo, popeza sayika kulemera pa phatikizo lachitatu kuchokera kumapeto, koma phazi limeneli limadzipangira lokha liwu la maphatikizo awiri likatsatidwa ndi mawu a atatu. "Dzuwa lalowa kumudzi" akumveka DZU-wa-la LO-wa-ku MU-dzi, ndipo amakhala bwino pa nyimbo imene kugunda kwake kumagawika patatu. Pa chuni yotere cholakwa sichikhala kutembenuza kwenikweni, koma kudzaza. Wopeka akufuna mzere wa kugunda kunayi, n'kulemba kuti:

Dzuwa lalowa, tibwerere kumudzi

Akaugawa apeza DZU-wa-la, kenako LO-wa-ti-bwe, kenako RE-re-ku, kenako MU-dzi. Phazi lachiwiri lili ndi maphatikizo anayi pamalo a atatu. Woimba ali ndi njira ziwiri, ndipo zonse n'zoipa: athamangitse wa-ti-bwe mpaka mawu asamveke, kapena asunge liwiro n'kulola kugunda kwachitatu kugwere pa bwe, zonse zotsatira n'kusokonekera. Chizindikiro chake pa pulakatisi ndi chakuti oimba amapunthwa pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo ena amayamba kudumpha phatikizo osadziwa. Kusintha liwu limodzi kumathetsa nkhani: "Dzuwa lalowa, tipite kumudzi" akugunda DZU-wa-la LO-wa-ti PI-te-ku MU-dzi.

Kuperewera sikuvuta chotero. Mu "Dzuwa lalowa, tiyeni kwathu", phazi lachitatu ndi YE-ni, maphatikizo awiri okha. Woimba amangokoka YE pang'ono, ndipo popeza ndi pamene liwulo limakokedwera kale, palibe amene amadandaula. Tiroki kulowa m'malo mwa dakitilo ndi chinthu chimene alakatuli achita kuyambira kalekale. Phazi loperewera limapatsa woimba mpata wopuma, pamene lodzaza limamulanda mpweya.

Kwa Amalawi oimba m'Chingerezi, a gosipo, a hipihopu ndi ena, nkhaniyi ili ndi msampha wake wapadera. Khutu lozolowera Chichewa limafuna kukoka phatikizo lotsatizana ndi lomaliza ngakhale pa mawu achilendo. Dzina la Jennifer, limene kwa Mngerezi ndi dakitilo yogunda poyamba, kuno limatchulidwa je-NI-fa, ndipo woimba akaliika chonchi pa chuni palibe wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene angaone cholakwa. Womvera wa ku London kapena ku Johannesburg wozolowera katchulidwe kena amamva kupotoka nthawi yomweyo. Ngati nyimboyo ndi ya anthu akuno, woimba ali ndi ufulu wonse wosunga katchulidwe kathu. Ngati akufuna kuti ikamveke kunja monga Chingerezi cha eni ake, ayenera kufufuza liwu lililonse lalitali m'dikishonale, mmene kachizindikiro konga ˈ kamaikidwa patsogolo pa phatikizo lolemera. M'Chingerezi mulinso mawu ena amene amasintha kukhala dzina kapena mneni malinga ndi pamene agundidwa, kotero kusemphana kumatha kusintha ngakhale tanthauzo. Pat Pattison, mphunzitsi wa kalembedwe ka mawu a nyimbo pa Berklee College of Music ku Boston, amaphunzitsa ophunzira ake mfundo yomweyi, yakuti maphatikizo olemera a mawu aikidwe pa malo olemera a nyimbo kuti chinenero chimveke monga mmene chimayankhulidwira.

Mapazi ali ndi malire ake, ndipo wofufuza wabwino amawadziwa. Si kusemphana kulikonse kumene ndi matenda. Alakatuli a Chingerezi amakonda kuyamba mzere wa ayambu ndi tiroki kuti adzidzimutse khutu, ndipo oimba rapu amasuntha dala mawu kuwachotsa pa kugunda kuti apange kukokana kumene anthu amakuvinira. Kusiyana kwake kumadziwika poyesa. Kusemphana kwadala kumagwera pa liwu lofunika, kumachitika pamalo amodzi pamene mizere yozungulira ili yowongoka, ndipo woimba amakufika mosavuta nthawi iliyonse. Kusemphana kwangozi kumagwera pena paliponse, ndipo woimba amakuimba mosiyana ulendo uliwonse chifukwa pakamwa pakufunafuna njira yothawira.

Mzere ungathenso kukhala ndi mapazi angwiro koma n'kukhala wakufa. "Koma ndiye kuti mwina" ndi tiroki zinayi zopanda banga, KO-ma NDI-ye KU-ti MWI-na, koma kugunda konse kunayi kwagwera pa mawu olumikizira amene sakuonetsa chithunzi chilichonse. Choncho munthu akamaliza kulemba malo olemera, awerenge mawu okhawo amene agwera pa kugunda. Mu mzere woyamba uja anali mvula, yagwa, tenga, khasu, ndipo nkhani yonse ikumveka kuchokera pa iwo okha. Ngati pa kugunda pali koma, kuti, ndiye ndi ndipo, mzere ukufunika kulembedwanso ngakhale ukuimbika.

Chomaliza chimene mapazi sachiona n'kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene m'Chichewa kumasiyanitsa matanthauzo. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ali ndi maphatikizo ofanana, ndipo onse amakokedwa pa te, koma wa m'nkhalango liwu limakwera pa te pamene wa pamsika limakhala pansi. Khungu la pathupi ndi khungu la maso nawonso amasiyana motero. Agiriki ndi Angerezi sanapange mapazi awo kuti ayeze zimenezi. Wopeka akhoza kukonza tiroki zake zonse, kugunda kulikonse n'kugwera pamalo pake, koma chuni n'kukwera pa phatikizo limene poyankhula limatsika. Nthawi zambiri mawu ozungulira amateteza tanthauzo, ndipo womvera sasokonezeka. Koma pa liwu limene lili ndi mnzake wofanana nalo, makamaka likakhala pa noti yaitali kapena mu kolasi yobwerezedwa, ndi bwino kuchita kuyesa kwachitatu. Mzere uyankhulidwe pang'onopang'ono, kenako ung'ung'udzidwe ndi pakamwa potseka kuti kukwera ndi kutsika kokha kumveke, ndipo zimenezo ziyerekezedwe ndi chuni. Ngati ziwirizi zikupita kosiyana pa liwu lofunikalo, noti imodzi isunthidwe kapena liwulo lisamutsidwire pamalo ena mu mzere, kenako mapazi awerengedwenso kuyambira poyamba, chifukwa liwu likasamuka malo olemera amasamuka nalo.